Agogo amagulitsa mandasi: lero kapena dzulo?

Tiyerekeze kuti ndi Lachinayi masana m'chipinda cha aphunzitsi pa sekondale ina. Mphunzitsi wa Chichewa wakonza kamayeso ka mafunso 20 ka ana a Fomu 2, ndipo monga mwa mwambo wapatsa mnzake kuti aponyepo diso pepala lisanapite kukasindikizidwa. Mnzakeyo akuwerenga, akugwedeza mutu movomereza, mpaka wafika pa funso la 7 n'kuima.

Funsolo likuti: Kodi mneni wa m'chiganizo ichi ali mu nthawi iti? "Agogo amagulitsa mandasi pamsika." Pansi pake pali mayankho anayi oti mwana asankhepo limodzi: A, nthawi yakale yopitirira, B, nthawi yatsopano ya kawirikawiri, C, nthawi yam'tsogolo, D, nthawi yatsopano yopitirira. Papepala la mayankho mwini mayeso walemba B.

B ndi yankho lolondola ndithu. Vuto n'lakuti A nayenso ngolondola.

Munthu aliyense woyankhula Chichewa angathe kudzitsimikizira yekha zimenezi. Wina akafunsa kuti, "Agogo anu amapeza bwanji ndalama ya sopo?" yankho limakhala lakuti amagulitsa mandasi pamsika, kutanthauza ntchito yawo ya masiku onse. Koma wina akafunsa kuti, "Nanga m'mawa muja ndinabwera osawapeza, agogo amatani?" yankho limakhalanso lakuti amagulitsa mandasi pamsika, kutanthauza zomwe zimachitika nthawi ijayo, zomwe tsopano zatha. Malembo ndi omwewo, palibe ngakhale limodzi losintha. Chosintha ndi liwu. Poyankha funso loyamba liwu limayamba pamwamba, pa a- woyambirira, n'kudzakweranso pa -li-, ngati kuti talemba ámagulítsa. Poyankha lachiwiri liwu limayamba pansi n'kukwera pa -gu-, ngati kuti talemba amagúlitsa. Khutu silisokonezeka pamenepa, ndipo ngakhale mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa mosavuta. Koma pepala lilibe khutu.

Chichewa ndi chiyankhulo chomwe kukwera ndi kutsika kwa liwu kumanyamula tanthauzo. Ambiri amadziwa za mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu m'sitolo, kapena khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Mawu oterewa ndi owerengeka, ndipo chiganizo chimaulula msanga lomwe likunenedwa. Pa aneni ndiye pali ntchito, chifukwa pafupifupi mneni aliyense wokhala ndi -ma- amatha kuwerengedwa pawiri. Akatswiri anaziona kalekale izi. Mark Hanna Watkins, yemwe buku lake la malamulo a Chichewa linatuluka mu 1937, ankaika zizindikiro pamwamba pa malembo posonyeza kamvekedwe ka mawu monga ankawamvera kwa Kamuzu Banda, yemwe panthawiyo anali wophunzira ku Chicago. Koma malamulo a kalembedwe omwe bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 sanalamule zizindikiro zotere, ndipo mabuku a kusukulu, nyuzipepala ndi Baibulo sizizigwiritsa ntchito. M'nkhani yaitali zimenezi sizivutitsa, poti ziganizo zoyandikana zimathandizana. Funso la mayeso ndiye limazula chiganizo chimodzi n'kuchiimika chokha padzuwa, chopanda mnzake woti achichitire umboni.

Mwini mayeso sanachite ulesi ayi. Pamene ankalemba chiganizocho ankachimva m'mutu mwake, ndipo ankachimva ndi liwu limodzi lokha, la agogo omwe geni yawo ndi ya mandasi. Akachiwerenga kachiwiri, kachitatu, liwu lomwelo limabwereranso. N'chifukwa chake cholakwika cha mtundu uwu mwini wake sachiona, chimaoneka ndi munthu wobwera kumene amene sanaone pepala la mayankho.

Tsono mnzake uja atani? Akhoza kudikira msonkhano wa dipatimenti n'kukalitchula pagulu, koma kumeneko ndi kuyalutsa munthu pa chinthu chaching'ono. Akhozanso kungokhwatcha ndi cholembera chofiira n'kulemba kuti "funso losamveka", zomwe sizithandiza, chifukwa kwa mwini wake funsolo likumveka bwino lomwe. Iye wasankha kulemba kakalata, n'kukapanikiza pa pepalalo. Kakalatako kakhoza kuyenda motere:

"Madamu, ndawerenga mayeso aja ndipo ali bwino, makamaka gawo la magulu a mayina. Ndaima pa funso la 7 lokha. Tayesani kuliwerenga mokweza ngati mukuyankha munthu amene wafunsa kuti, 'Agogo amatani m'mawa muja?' Mumva kuti likugwera pa A. Ndiye mwana wosankha A sitingamulakwitse. Bwanji titalemba kuti, 'Masiku ano agogo amagulitsa mandasi pamsika'? Yankho likhalabe B ndipo mayankho enawo sasintha. Ngati mwaona njira ina yabwino, tsatani yomweyo. Ndili mu ofesi mpaka belu lomaliza."

Kakalata aka kali ndi nzeru imodzi yaikulu: sikakutsutsana ndi mwini funso pa za malamulo a chiyankhulo. Kakungomupatsa funso loti ayankhe ndi pakamwa pake, ndipo akangotsegula pakamwa liwu lachiwiri lija lituluka lokha. Munthu sakangana ndi lilime lake. Kolemba kuti "mneniyu ali ndi matanthauzo awiri" kakanautsa mtsutso wa mabuku, wina n'kutulutsa notsi zake za ku koleji, winanso zake.

Mawu oti "masiku ano" sanangotoledwa. Maganizo oyamba omwe amabwera kwa aliyense ndi kuwonjezera "masiku onse" kapena "tsiku lililonse", poti nthawi ya kawirikawiri timaiphunzitsa ndi mawu amenewa. Koma dzenje silikwiririka. Munthu wokamba za agogo ake omwe anamwalira kale akhoza kunena kuti, "Tsiku lililonse agogo amagulitsa mandasi pamsika, ife n'kumawanyamulira beseni," ndipo palibe amene angamudzudzule. Anthu ambiri poyankhula amagwiritsa ntchito -ma- ngakhale pa zinthu zakalekale, pamene m'mabuku timayembekezera -nka-. "Tsiku lililonse" likungotiuza kuti ntchitoyo imabwerezedwa, silikutiuza kuti imabwerezedwa liti. "Masiku ano" ndiye akukhomera chiganizo pa nthawi ino, moti kuwerenga kwachiwiri kuja sikungalowenso.

Komabe kukonza kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo mphunzitsi wochenjera aziona. Mwana yemwe sadziwa chilichonse cha -ma- akhoza kungoona mawu oti "masiku ano" n'kuzindikira kuti A ndi C atuluka. Funso lapepuka. Chomwe chalipulumutsa ndi D: mwanayo ayenerabe kusiyanitsa amagulitsa ndi akugulitsa, ndipo apa ndi pomwe pali phunziro lenileni. Pakanakhala kuti mayankho anali atatu okha, yakale, yatsopano ndi yam'tsogolo, kuwonjezera "masiku ano" kukanakhala kupereka malikisi aulere.

Njira ina ndi kusiya chiganizo n'kuchotsa A, kuikapo yankho lina lomwe silingagwirizane ndi -ma- mwa njira iliyonse, monga nthawi yam'tsogolo yopitirira. Izi n'zachangu, koma mwana yemwe wawerenga chiganizocho ndi liwu lakale ayamba wafunafuna yankho lake osalipeza, kenako n'kusankha B mokayika. Malikisi apeza, koma nthawi yamuthera. Ngati cholinga chinali kuyesa nthawi yakale, mankhwala ake ngosavuta: kulemba ankagulitsa, poti -nka- salozanso kwina koma kumbuyo. Ndipo kwa ana a Fomu 4, msampha womwewu ukhoza kusanduka funso lokoma kwambiri pa pepala lonse: "Chiganizo ichi chingamveke pawiri. Lembani ziganizo ziwiri zosonyeza matanthauzo onsewo." Koma limenelo ndi funso lolemba, lofuna malikisi awiri kapena anayi, silingakhale pakati pa mafunso osankha.

Pali chinthu china chodabwitsa. Funso lomweli likanafunsidwa pakamwa, monga zimakhalira pa mipikisano ya mafunso ya masukulu kapena pa wailesi, silikanakhala ndi vuto, bola wofunsayo atchule bwino. Vuto limabuka pomwe wolemba mafunso ndi wina, wowerenga pa maikolofoni ndi wina. Wowerengayo akatchula ndi liwu lakale, ana ayankha A mosakayika, iye n'kuyang'ana papepala n'kunena kuti alakwa, holo yonse n'kuyamba kung'ung'udza.

Nanga ngati kakalata kachedwa, ana alemba kale? Chizindikiro chimaoneka pochonga. Funso lovuta koma labwino limagwetsa ana ofooka, anzeru ambiri n'kulikhoza, ndipo olakwa amamwazikana pa mayankho onse olakwika. Funso la matanthauzo awiri limachita zina: ana omwe akhoza pafupifupi mafunso ena onse amagawanika pakati pa mayankho awiri okha, pomwe C ndi D sakhudzidwa n'komwe. Mphunzitsi akaona kuti mwana wake wodalirika wasankha A, ndipo winanso wodalirika wasankha A, asathamangire kunena kuti sanamvetse phunziro. Atenge mapepala khumi apamwamba awerenge zomwe asankha pa funso limenelo. Akapeza kugawanika kotere, chilungamo ndi kuvomera mayankho onse awiri, kapena kuchotsa funsolo n'kuwerengera mayeso pa 19. Kuvomera onse awiri n'kwabwinoko, chifukwa sikulanda kanthu kwa mwana amene anayankha B moyenera. Chosayenera ndi kuumirira pa B chifukwa choti ndi zomwe zili papepala la mayankho, poti mwana wolakwitsidwa pa chinthu chomwe amayankhula tsiku ndi tsiku kwawo amayamba kukhulupirira kuti Chichewa cha m'kalasi ndi chiyankhulo china.

Msampha uwu suli pa -ma- yekha. Mneni ngati anapita amamvekanso mosiyana pakati pa zomwe zachitika lero lomwe ndi zomwe zinachitika kale, ndipo funso lofunsa tanthauzo la "mtengo" kapena "khungu" popanda chiganizo ndi lomweli lavala malaya ena. Woyang'ana mayeso a mnzake akhoza kugwira zambiri mwa izi ndi chizolowezi chimodzi: kuphimba pepala la mayankho, kuwerenga funso lililonse mokweza, n'kuliyankha yekha ngati mwana wa sukulu asanaone zomwe mwini wake akufuna. Pa mafunso 20 ntchito imeneyi siposa mphindi 15.

Pa nkhani yathuyi, Madamu akawerenga kakalata kaja n'kutchula chiganizocho kawiri chapansipansi, chotsala ndi kuwonjezera mawu awiri kumayambiriro kwa funso la 7 ndi kusintha A wamkulu wa "Agogo" kukhala wamng'ono. Pepala la mayankho likhala momwe linalili.