Kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa pepala, galasi, chitsulo ndi pulasitiki

Mu 2016, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Stanford ku America, a Gary Thung ndi a Mindy Yang, anatolera zinyalala n'kumazijambula ndi mafoni, chinthu chimodzichimodzi atachiika pa chipepala choyera. Anapeza zithunzi 2,527: za pepala 594, za galasi 501, za pulasitiki 482, za chitsulo 410, za makatoni 403 ndi za zinyalala zina 137. Mulu wa zithunziwu umatchedwa TrashNet, ndipo mpaka lero anthu ambiri ofuna kuphunzira lusoli amayambira pamenepo. Cholinga chawo chinali choti kompyuta ikaona chithunzi, inene yokha mtundu wa chinyalalacho. Anayesa njira ziwiri. Njira yakale inkalondola pa zithunzi 63 mwa 100 zilizonse, pamene njira yatsopano, imene masiku ano ndi yomwe aliyense amagwiritsa ntchito, inangolondola pa zithunzi 22 mwa 100. Izi sizinasiyane kwenikweni ndi zimene munthu wongolota akanapeza. Chimene chinavuta pamenepo ndicho chimatsegula nkhani yonseyi.

Kompyuta siona botolo ayi. Chithunzi chimachepetsedwa kaye, kawirikawiri kufika pa timadontho 224 m'litali ndi 224 m'lifupi, ndipo kadontho kalikonse kamakhala ndi manambala atatu osonyeza kuchuluka kwa mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, kuyambira 0 mpaka 255. Chithunzi chimodzi ndiye kuti ndi manambala 150,528. Pulogalamu imalandira manambalawo, n'kuwachulukitsa ndi kuwaphatikiza ndi manambala ake ena a m'kati, gawo ndi gawo, mpaka kumapeto kutsale manambala anayi okha, mwachitsanzo pepala 0.03, galasi 0.70, chitsulo 0.05 ndi pulasitiki 0.22. Yankho ndi nambala yaikulu kwambiriyo. Kuphunzitsa ndiko kusintha manambala a m'katiwo pang'onopang'ono. Pulogalamu imaonetsedwa zithunzi, tinene 32 nthawi imodzi, imalota mayankho, amayerekezedwa ndi mayankho enieni amene munthu analemba, kenako nambala iliyonse ya m'kati imasunthidwa pang'ono kulowera kumene kungachepetse kulakwitsako. Zimabwerezedwa choncho mpaka zithunzi zonse zitadutsa, n'kuyambiranso.

Vuto ndi loti manambala a m'katiwo ndi ochuluka zedi. Pulogalamu yaing'ono ngati ResNet-18 ili nawo oposa 11 miliyoni. Kuti onsewo akhazikike bwino kuyambira pachiyambi, zithunzi zikwi ziwiri n'zochepa kwambiri. N'chifukwa chake masiku ano munthu wanzeru sayambira pachabe. Amatenga pulogalamu imene inaphunzitsidwa kale pa ImageNet, mulu wa zithunzi zoposa 1.2 miliyoni za mitundu 1,000 ya zinthu, monga agalu, mbalame, magalimoto ndi ziwiya. Pulogalamu yotereyi inazolowera kale kuona mizere, ngodya, kunyezimira ndi makwinya. Amangochotsa gawo lake lomaliza, lija lotulutsa mayankho 1,000, n'kuikapo lotulutsa anayi. Mu PyTorch ndi mizere iwiri yokha:

```python
model = torchvision.models.resnet18(weights="IMAGENET1K_V1")
model.fc = torch.nn.Linear(512, 4)
```

Poyamba amaphunzitsa gawo latsopanolo lokha, enawo atawasiya momwe alili. Likakhazikika amamasula onse, koma n'kumawasuntha mochepa kwambiri kuti zimene anaphunzira kale zisafufutike. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake ndi njira imeneyi anapitirira 90 mwa 100 pa zithunzi za TrashNet zomwezija.

Koma ntchito yeniyeni, m'mene ndikuonera ine, imachitika kompyuta isanayatsidwe n'komwe, pamene munthu akuika zithunzi m'mafoda anayi. Katoni aiike kuti? Akaisiya kunja, amatsala ndi zithunzi 1,987. Akaiphatikiza ndi pepala, zithunzi zimakhala 2,390, ndipo 997 mwa izo n'za pepala. Apo pulogalamu yaulesi, yongoyankha kuti "pepala" pa chithunzi chilichonse, ikhoza kupeza pafupifupi 42 mwa 100 isanaphunzire kanthu, ndipo aliyense womva za kulondola kwa pulogalamu ayenera kufunsa kaye kuti yongolota ikanapeza zingati. Palinso zinthu zokana kulowa foda imodzi. Paketi ya juwisi kapena ya mkaka wokhalitsa imapangidwa ndi pepala, pulasitiki ndi kansalu kopyapyala ka aluminiyamu. Botolo la galasi limabwera ndi chotsekera chachitsulo komanso kapepala komatapo. Pamafunika lamulo lolembedwa, monga lakuti chinthu chizipita kumene wogula zinyalala angachilandire, ndipo onse olemba mayina a zithunzi alitsate mofanana. Wina akamaika mapaketi a juwisi ku pepala, mnzake ku pulasitiki, pulogalamu imaphunzitsidwa zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo palibe luso la masamu lingakonze zimenezo.

Tiyeni titsate zithunzi 1,987 zija. Zimagawidwa patatu: 1,391 zophunzitsira, 298 zoyesera pamene kuphunzitsa kuli m'kati, ndi 298 zina zotsekeredwa mpaka tsiku lomaliza. Pogawa, mtundu uliwonse upezeke m'magulu onse atatu molingana ndi kuchuluka kwake. Chofunika kusamala kwambiri ndi ichi: ngati botolo limodzi linajambulidwa kasanu, litaima, litagona, litatembenuzidwa, zithunzi zisanu zonsezo zipite gulu limodzi. Zikamwazikana, pulogalamu imakumana pa mayeso ndi botolo lomwe inaliona kale. Imakhoza bwino ngati mwana amene analowa m'mayeso ndi likasa, malikisi okwera koma m'mutu mulibe, ndipo zimadzaululika ikakumana ndi botolo lachilendo.

Pa magulu a zithunzi 32, zithunzi 1,391 zimadutsa zonse m'maulendo 44, ndipo kuzungulira kumodzi kwatha. Pakutha pa kuzungulira kulikonse, wophunzitsa amayang'ana manambala awiri: kulakwitsa pa zithunzi zophunzitsira ndi kulakwitsa pa zoyesera. Poyamba onse amatsika limodzi. Ikafika nthawi yoti loyambalo likupitiriza kutsika koma lachiwirilo layamba kukwera, ndiye kuti pulogalamu yasiya kuphunzira za galasi ndi pepala, yayamba kuloweza zithunzi zenizenizo. Apo mpofunika kuima n'kubwerera pamene zoyesera zinkayenda bwino koposa. Njira imodzi yochedwetsera kulowezaku ndi kusintha chithunzi chilichonse pang'ono nthawi iliyonse chikamalowa: kuchitembenuza, kuchipendeketsa, kudulako m'mbali, kuchiwalitsa kapena kuchidetsa. Chitini chopendekeka chikadali chitini, ndipo pulogalamu imakakamizika kufunafuna chimene sichisintha. Zimenezi zimachitidwa pa zophunzitsira zokha.

Tsiku lomaliza likafika, nambala imodzi ya kulondola siikwanira. Tiyerekeze kuti pa zithunzi 298 zotsekeredwa zija pali za pepala 89, za galasi 75, za pulasitiki 72 ndi za chitsulo 62, ndipo pulogalamu yalondola pa 268. Ndi pafupifupi 90 mwa 100, nambala yosangalatsa. Koma tikalemba tebulo, mizere yopingasa kusonyeza chimene chinthucho chilidi, yotsika kusonyeza chimene pulogalamu yanena, tikhoza kupeza kuti pepala yalondola 86, chitsulo 57, galasi 66, koma pulasitiki 59 basi, ndipo mwa 13 zimene yaphonya, 10 yazitchula kuti galasi. Ndiye kuti pa pulasitiki ikulakwitsa pafupifupi kamodzi pa zinthu zisanu zilizonse, ndipo kulakwitsako kwalowera mbali imodzi. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kusokonezeka kwa galasi ndi pulasitiki n'kodziwika bwino, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Botolo la madzi la pulasitiki ndi botolo la galasi loyera onse amaonekera m'kati, onse amanyezimira, ndipo maonekedwe awo amafanana. Munthu amawasiyanitsa powanyamula, powafinya kapena powagogoda, ndipo zonsezi m'chithunzi mulibe. Chimene chimathandiza ndi kutsegula zithunzi khumi zija n'kuziyang'ana ndi maso. Nthawi zina mumapezeka kuti amene analakwitsa ndi munthu wolemba dzina. Nthawi zina mumaona kuti zonse ndi mabotolo osaphwanyika, osakwinyika, ndipo mumadziwa zithunzi zoti mukawonjezere.

Pali msampha wina wobisika kuposa uwu. Pulogalamu imaphunzira chilichonse chimene chikusiyanitsa mafoda, kaya n'chimene inu mumafuna kaya ayi. Mukajambula mabotolo onse a galasi pa tebulo la matabwa, zitini zonse pa simenti, idzaphunzira matabwa ndi simenti, ndipo mayeso anu sadzaulula kanthu poti zithunzi zoyesera zinajambulidwa malo omwewo. Kuti mudziwe, jambulani chitini pa tebulo lija muone ngati ikutchulabe chitsulo. Zithunzi za TrashNet zili ndi malire a mtundu womwewu. Chilichonse chili ndi chinthu chimodzi, chooneka bwino, pa malo oyera. Kudzala kulibe zimenezo. Jumbo imakhala yothimbirira ndi matope, pepala lanyowa n'kumatirira pa chitini, chitini chachita dzimbiri, zonse zaunjikana. Pulogalamu yokhoza bwino pa chipepala choyera imatsika kwambiri ikafika pamenepo. Ichi n'chifukwa chake a Pedro Proença ndi a Pedro Simões anakonza mulu wina wotchedwa TACO, umene anaufotokoza mu 2020, wa zinyalala zojambulidwa pomwe zatayidwa, m'misewu, m'nkhalango ndi m'mphepete mwa nyanja. Wofuna kuti pulogalamu igwire ntchito pa msika wa kwawo ayenera kuiphunzitsa, ndiponso kuiyesa, ndi zinyalala za pa msika womwewo, zojambulidwa ndi kamera yomwe adzagwiritse ntchito, dzuwa likuswa mtengo komanso kukachita mitambo.

M'mafakitale osankha zinyalala, kamera siigwira yokha ntchito. Chitsulo chimakokedwa pa lamba ndi maginito, zitini za aluminiyamu zimakankhidwira pambali ndi maginito ozungulira mothamanga, ndipo mitundu ya pulasitiki imazindikiridwa ndi kuwala kumene maso athu saona. Zipangizozi zimayeza chinthu chenichenicho, pamene chithunzi wamba chimangoona kunja.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala n'choti manambala anayi aja nthawi zonse akaphatikizidwa amakwana 1. Pulogalamu yophunzitsidwa mitundu inayi ilibe njira yonenera kuti "si chimodzi mwa izi". Mukaionetsa khoko la nthochi, nsapato kapena batire, idzasankhabe pepala, galasi, chitsulo kapena pulasitiki, mwinanso motsimikiza ndithu. Ena amaika malire, kunena kuti yankho lalikulu likachepera 0.8, chinthucho chipite kwa munthu akachione. Zimathandiza, koma sizigwira zonse, chifukwa pulogalamu ikhoza kupereka 0.95 pa chinthu chimene sinachionepo. Njira yodalirika kuposapo ndi kuwonjezera foda yachisanu ya "zina", yokhala ndi zithunzi zambiri ndi zosiyanasiyana: zakudya zotsala, nsanza, mphira, mabatire, ngakhale malo opanda kanthu. A Thung ndi a Yang anali nayo foda yoteroyo, koma munali zithunzi 137 zokha, zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a zithunzi za pepala.