Mafomu 400 amene amaweruza mafomu 20,000

Tiyerekeze kuti bungwe lobwereketsa alimi ndalama lili ndi mafomu 20,000 olembedwa pamanja. Lawajambula pa sikana, ndipo pulogalamu ya pakompyuta yawerenga dzina, mudzi, tsiku ndi ndalama za pa fomu iliyonse n'kuziika m'kaundula. Ntchito ya miyezi yatha masiku ochepa. Koma 1 wolembedwa mothamanga amafanana ndi 7, choncho ngongole ya K15,000 itha kusanduka K75,000 popanda kompyuta kudandaula.

Kubwereza mafomu onse n'kugwira ntchito imodzi kawiri. Odziwa ntchitoyi amangotapako ochepa, ndipo nkhani yagona pa katapidwe. Wogula chimanga wochenjera amapisa dzanja mpaka m'kati mwa thumba, poti chapamwamba n'chokopera. Mafomu a m'katoni yoyamba nawo kawirikawiri amakhala osamalika. Ndiye fomu iliyonse imapatsidwa nambala, kenako kompyuta imachita maere n'kutulutsa nambala 400. Kalaliki asasankhe yekha, chifukwa dzanja limathamangira pepala loyera.

Wofufuza amatenga pepala lenilenilo n'kulemba zimene akuona asanayang'ane zomwe makina alemba. Akayamba ndi za makina, maso ake amangovomereza. Pambuyo pake m'pamene ziwirizo zimayerekezedwa.

Tinene kuti mwa 400 aja, 12 apezeka ndi ndalama zolakwika. Amenewo ndi 3 pa 100 alionse, kutanthauza mafomu ngati 600 pa mulu wonse. Maere ena akadatulutsa mwina 9, mwina 16, choncho masamu amati chiwerengero chenicheni chili pakati pa 300 ndi 1,000. Kuti mpata umenewu uchepe ndi theka, pamafunika mafomu 1,600, osati 800. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale mulu ukadakhala wa 200,000, mafomu 400 omwewo akadakwanira.

Bwanji pakapanda kupezeka cholakwa? Apa m'pomwe mabwana amafulumira kuwomba m'manja. Mukayesa mafomu 30 onse n'kukhala bwino, n'zothekabe kuti fomu imodzi pa 10 ndi yolakwika. Lamulo lake n'kugawa 3 ndi chiwerengero chomwe mwayesa. Kuti munene molimba mtima kuti zolakwa sizipitirira imodzi pa 100, muyese 300 ndipo pasapezeke ngakhale chimodzi.

Mafomu 12 aja ayalidwe patebulo. Ngati 9 achokera ku nthambi imodzi, komwe inki inali yosaoneka bwino kapena mapepala adanyowa, ndiye kuti 3 pa 100 uja akubisa zambiri: nthambi zina zili bwino, imodziyo yawonongeka. Mafomu a kumeneko alowetsedwe m'kaundula ndi anthu. Makinawo akakonzedwa, achitenso maere atsopano, chifukwa mafomu akale aja ndi omwe agwiritsidwa ntchito pokonza, ndipo adzapambana mayeso mosavuta.