Magetsi Akathima Seva Ili Mkati Molemba

Namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankathima maola ambiri patsiku. Kwa bizinesi imene sitoko, malipiro a antchito ndi ngongole za makasitomala zonse zili mu pulogalamu imodzi ya ERP, choopsa kwambiri ndi seva kuzima ili mkati molemba. Detabesi ngati PostgreSQL imatha kudzikonza ikayakanso, koma ngati disiki inavomera kuti yasunga pamene zinthuzo zinali zisanakhazikike, zolembazo zimawonongeka. Nthawi zina vutolo limadzaonekera patapita masabata, lipoti lina likakana kutseguka.

Tiyerekeze golosale ya ku Limbe, yomwe seva yake imadya mawati 300. Mwiniwake wagula UPS ya 1500 VA, ya mabatire awiri a 12 V, 9 Ah. Ikakhala yatsopano, imagwira mphindi 15 mpaka 20 basi. Ntchito yake ndi kugwirizira seva mpaka jenereta italira, kapena kuipatsa mpata wozima mwadongosolo. Apa m'pamene ambiri amaphonya: salumikiza kawaya ka USB pakati pa UPS ndi seva. Popanda kawayako ndi pulogalamu ngati NUT, yomwe imauza seva kuti izime batire likatsala pang'ono, magetsi akathima usiku seva imagwa ndithu, kungoti mochedwerapo. Mabatirewo amafooka msanga m'chipinda chotentha, choncho ndi bwino kuyesa miyezi itatu iliyonse, sitolo itatsekedwa: kuzimitsa magetsi opita ku UPS n'kuwerenga mphindi. Rauta ndi switchi zikhalenso pa UPS, apo ayi seva idzakhala ikuyaka koma wapakauntala osaifikira.

Zimenezi sizithandiza disiki ikafa kapena akuba akanyamula seva. Mwini bizinesi, osati katswiri wa makompyuta yekha, ayankhe funso ili: tingapirire kutaya malonda a maola angati? Ngati bakapu imatengedwa usiku wokha ndipo seva yafa madzulo, mainvoisi a tsiku lonse adzalowetsedwanso pamanja, ngati mapepala ake alipo. Sitolo yotanganidwa itenge bakapu ola lililonse. Kope limodzi likhale pa disiki ina, lina kunja kwa nyumbayo, pa intaneti kapena kunthambi ina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi bakapu yomwe palibe anaitsegulapo. Kamodzi pamwezi, ibwezeretsedwe pa kompyuta ina:

```
createdb mayeso
pg_restore -d mayeso malonda.dump
```

Kenako wa maakaunti aone ngati invoisi yomaliza ndi ndalama zonse zikufanana ndi za m'seva. Ogwiritsa ntchito Odoo akumbukire kuti zikalata zophatikizidwa zimakhala padera, mu foda ya `filestore`, ndipo nayonso iyenera kukoperedwa. Alembenso nthawi imene kubwezeretsako kwatenga. Ngati ndi maola anayi, ndiye kuti pakauntala pakhale buku la malisiti lokwanira malonda a maola anayi.