Mayunitsi akazimirira, kalata iziti chiyani

Ife amene tagwirako ntchito yowerengera ndalama za makasitomala m'kampani ya lamya timadziwa chinthu chimene eni mafoni ambiri a ku Santhe, ku Chulu kapena ku Chamama sanauzidwe, ndicho chakuti palibe tambala imene imachoka m'foni popanda kusiya phazi. Munthu akaimba, akatumiza uthenga kapena akalowa pa intaneti, makina amalemba mzere wonena tsiku, ola, kutalika kwa nthawi kapena kuchuluka kwa mamegabayiti, ndi thumba limene ndalamayo yatengedwa, pakuti simukhadi imodzi imakhala ndi matumba angapo: la mayunitsi, la bandulo ndi la bonasi. Monga mlimi wogulitsa mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma saweramitsa mutu asanawerenge pepala losonyeza zimene adula, momwemonso mwini foni ali ndi mphamvu yofunsa kuti amuwerengere mizere imeneyi. Koma kalata yongoti "mukundibera mayunitsi" siipatsa kalaliki poyambira, ndipo yankho lake limabwera lozizira.

Musanagwire cholembera, tayambani mwaphunzira kuzindikira mtundu wa kudulako. Ndalama ikamachoka yosafanana, lero pang'ono mawa yambiri, ndiponso pokhapokha intaneti ili yotsegula, kawirikawiri bandulo idatha kapena tsiku lake lidapitirira, ndipo foni yatembenukira ku thumba la mayunitsi, kumene mtengo wa megabayiti umaposa wa m'bandulo. Chimodzimodzinso amene adagula bandulo ya WhatsApp yokha, nadina kanema wa pa YouTube amene mnzake wamutumizira, watuluka kale mumpanda umene adalipira. Ikachoka kamodzi, nthawi yomweyo mwathira mayunitsi, kumbukirani ngati mudatenga ngongole ya Kutapa kapena Pasavute, chifukwa imabwezedwa pamodzi ndi kachiwongoladzanja kake. Koma ikamachoka yofanana tsiku ndi tsiku, intaneti ili chitsekere, pamenepo nambala yanu idalembetsedwa ku kena kake kodzikonzanso kokha, kaya nyimbo yomva okuimbirani, kaya mauthenga a mpira, ndipo apa ndi pamene pali mlandu weniweni.

Tiyerekeze mlimi amene Lolemba wathira K2,000 ali ndi ngongole ya K500 ndi chiwongoladzanja cha K50, nagula bandulo ya K1,000. Zimutsalira K450, ndipo ngakhale mtima umuwawe poona K550 yapita, palibe chomudandaulitsa. Atseke intaneti, asaimbe, afunse ndalama yotsala m'mawa ndi madzulo n'kumalemba m'kope kapena kujambula chimene foni yaonetsa. Akapeza K400 Lachiwiri ndi K350 Lachitatu, wapeza mboni ziwiri, ndipo kalata yake ikhale ya K50 ya tsiku lililonseyo, osasakaniza ndi za ngongole, pakuti wosakaniza amayankhidwa pa chimene kampani ili nacho cholungama, chinacho n'kusiyidwa.

M'kalatamo alembe dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika chimene adalembetsera simukhadi, nambala ya foniyo, masiku ndi maola amene adafunsa ndalama yotsala, ndi ziwerengero zimene adaona. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni asailembe ngakhale atamupempha. Kenaka apemphe momveka kuti amuuze dzina la chimene akudulira, tsiku ndi njira imene akuti adavomerera, kuti achiletse, ndi kuti amubwezere ngati chivomerezocho sichioneka. Funso la chivomerezo ndilo lolemera koposa, chifukwa ambiri amalembetsedwa podina kauthenga kotulukira mwadzidzidzi pafoni, mwina chala cha mdzukulu wosewera nayo, ndipo kalaliki akafunsidwa tsiku ndi njira sangathe kuyankha osatsegula zolembedwa. Popereka kalatayo ku ofesi ya kampani pa boma la Kasungu, atenge nambala ya dandaulo lake ndipo asunge kope lodindidwa.

Akulu adati mlandu suola, koma ine ndikuti musauchedwetse, popeza mizere ya sabata yatha imapezeka msanga kuposa ya chaka chatha. Kampani ikakhala chete kapena ikayankha zosakhutiritsa, kope lija ndi nambala ya dandaulo mupite nazo ku MACRA, bungwe limene limapereka ziphaso kwa makampani a lamya ndi kumva madandaulo a ogwiritsa ntchito. Palinso bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, limene mu 2021 lidalamula Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, itasiya kuiika yokha m'mafoni a makasitomala oyenera kuilandira.