Tsiku likalakwika pa chilengezo, likonzeni kulikonse kumene linafika

Chilengezo cha chinkhoswe, ukwati kapena mwambo wa kwaya wokhazikitsa chimbale chimayenda msanga. Mlembi akangochiponya pa gulu la WhatsApp, ena amachitumiza kwa abale ku Joni, ena amachiika pa sitetasi, wina n'kukachiwerenga m'tchalitchi. Tsiku kapena mtengo ukalakwika, cholakwikacho chimayendanso m'njira zonsezo, ndipo kukonza pamalo amodzi sikukwanira.

Tiyerekeze kwaya ina imene inkakonza mwambo wa Loweruka pa 14 Juni 2025, wolowera pakhomo K5,000. Wopanga positala anatenga ya chaka chatha n'kusintha chithunzi ndi chaka, koma anasiya "Loweruka pa 15 Juni" ndi mtengo wakale wa K3,000. Mu 2024, pa 15 Juni linalidi Loweruka, koma mu 2025 linali Lamlungu. Chaka cha masiku 365 chili ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lapadera, choncho deti imasunthira kutsogolo ndi tsiku limodzi pa sabata. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti. Ziwirizi zikasemphana, wowerenga watcheru amafunsa nthawi isanathe.

Cholakwika chotere n'choopsa chifukwa tsiku lenileni likubwera msanga kuposa lolembedwa. Wokhulupirira 15 adzafika Lamlungu n'kupeza holo yotseka, ndalama ya minibasi itapita kale. Zikanakhala kuti tsiku lenileni ndi la m'tsogolo, akanataya ulendo koma mwambo akanaupezabe.

Ambiri amathamangira kusintha uthenga wakale. WhatsApp imalola kusintha mawu pasanathe mphindi 15 chitumizireni, ndipo imangoikapo kachizindikiro kakuti "Edited" osadziwitsa aliyense. Amene anawerenga kale sabwereranso kukaona. Tsiku lolembedwa mkati mwa chithunzi silisinthika n'komwe. Kufufuta ndi "Delete for everyone" kumatheka kwa masiku pafupifupi awiri, koma kumachotsa uthenga pa gulu lokhalo. Makope amene anthu anatumiza kwina amakhalabe m'mafoni mwawo.

Chofunika ndi uthenga watsopano wodziimira pawokha, woti munthu amene sanaone woyamba aumve bwinobwino. Wa kwaya ija ungalembedwe motere: "KUKONZA CHILENGEZO: Mwambo wokhazikitsa chimbale uchitika LOWERUKA pa 14 Juni, osati pa 15 monga tinalembera poyamba. Nthawi ndi 1 koloko masana, malo ndi holo ya tchalitchi chathu, pakhomo K5,000. Amene munagula kale matikiti pa K3,000 mudzalowa osawonjezera. Chonde fufutani positala yakale, ndipo tumizani iyi kwa onse amene munawatumizira yoyamba. Pepani."

Tsiku lolondola labwera koyamba chifukwa ambiri amawerenga mzere woyamba wokha. Lolakwika latchulidwa kamodzi kuti munthu azindikire kuti positala imene ali nayo ndi yakale. Nthawi ndi malo zabwerezedwa ngakhale sizinasinthe, kuti uthengawu ukatumizidwa kwina usafune wina woufotokozera. Positala yatsopano isinthidwenso mtundu, chifukwa ikafanana ndi yakale anthu amaganiza kuti anaiona kale.

Nkhani ya mtengo imafuna kuti komiti igwirizane isanalembe chilichonse. Ngati anthu 40 anatumiza kale K3,000 pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kwaya ikhala yaperewera K80,000. Ndalama imeneyi ndi yambiri, koma ogulawo analipira mtengo umene kwaya inalengeza yokha, ndipo kuwaimitsa pakhomo kuti awonjezere kumabala mkangano pamaso pa alendo. Msungichuma alembe mayina awo, ndipo olondera pakhomo akhale ndi mndandandawo m'manja. Ngati mtengo wolengezedwa unali wokwera kuposa weniweni, ndalama yapamwamba ibwezedwe anthu asanaifunse.

Kenako mlembi alembe malo onse amene chilengezo chinafika: magulu a WhatsApp, masitetasi, mapepala omata pamsika, wayilesi, zolengeza za m'tchalitchi. Pa gulu, uthenga watsopano aukhomere pamwamba ndi "Pin". Mapepala akale amatulidwe. Za m'tchalitchi zimafuna changu, pakuti mwambo wa Loweruka pa 14 unali ndi Lamlungu la pa 8 ngati mwayi womaliza wolengeza. Mlendo wolemekezeka, mwini holo, wobwereketsa zokuzira mawu ndi makwaya oitanidwa ochokera kutali aimbiridwe foni mmodzimmodzi.

Kuti mudziwe ngati kukonzako kwafika, imbirani anthu angapo amene sali m'komiti, makamaka achikulire ndi opanda foni ya intaneti, ndipo muwafunse kuti, "Kodi mwambo uja mwamva kuti uliko liti?" Musawatchulire tsiku poyamba. Wina akayankha kuti pa 15, mufunseni kumene anamva, ndipo kumeneko n'kumene uthenga watsopano uyenera kupita lero lomwe.