Ng'ombe Ikudya Koma Ikutha: Zimene Magazi Amaulula pa Kaodzera

M'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Vwaza ku Rumphi, kapena ya Nkhotakota, ng'ombe yapangolo imatha kumadya msipu wobiriwira koma nthiti zikuwerengeka. Linunda limafota, ubweya umanyankhalala, ndipo pokoka ngolo imapuma wefuwefu. Mlangizi wa ziweto akaitembenuza chikope, m'kati mumaoneka motuwa m'malo mofiirira. Funso lake loyamba limakhala lakuti ng'ombeyo imadyera kuti.

Amafunsa choncho chifukwa cha kashembe. Ntchentche imeneyi imayamwa magazi a njiri, mbawala ndi njati, nyama zimene zimakhala ndi tizilombo ta tripanosoma osadwala, kenako n'kukaluma ng'ombe. Pakatha sabata imodzi mpaka zitatu, thupi limayamba kutentha mosiyizasiyiza. Maselo ofiira a magazi amawonongeka msanga kuposa mmene thupi likupangira atsopano, ndiye ng'ombe imatha pang'onopang'ono kwa miyezi.

Komabe kuwonda pakokha si umboni. Nyongolotsi za m'chiwindi, matenda a nkhupakupa ndi njala ya m'chilimwe zimafooketsa ng'ombe chimodzimodzi. N'chifukwa chake mlangizi amabaya mtsempha wa pakhutu, makamaka m'mawa, n'kukokera magazi m'kachubu kagalasi koonda ngati udzu. Kachubuko kakazunguzidwa m'makina kwa mphindi zisanu, maselo ofiira amadikha pansi. Gawo limene atenga m'kachubumo ndilo limalembedwa kuti PCV pa pepala la zotsatira. Ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa 24 ndi 46 peresenti.

Tiyerekeze kuti ng'ombe yathu yapezeka ndi 18. Magazi achepa ndithu, koma chawachepetsa sichinadziwikebe. Pamwamba pa maselo ofiira aja pamakhala kamzere koyera, ndipo tizilomboti timaunjikana pamenepo. Woyeza amadula kachubu, kufinyira kamzereko pagalasi, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Akaona tizilombo tikuphiriphitha pakati pa maselo, nkhani yatha.

Povuta ndi pamene sakuona kanthu. Matendawa akakhalitsa, tizilombo timachuluka ndi kuchepa m'magazi mosinthanasinthana, moti tsiku loyeza tingathe kusaoneka. Ng'ombe ya PCV 18, yowonda, yodyera m'mphepete mwa nkhalango, imene ndowe zake zilibe mazira a nyongolotsi, si yoti auze mwiniwake kuti ili bwino. Iyenera kuyezedwanso pakapita masiku angapo, pamodzi ndi zinzake za m'khola.

Mankhwala odziwika ndi Berenilo, mamiligalamu 3.5 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza 875 kwa ng'ombe ya makilogalamu 250. Chodandaulitsa n'chakuti alimi ena amagawira ng'ombe ziwiri zazikulu kapaketi koyenera imodzi, ndipo tizilombo topulumuka timazolowera mankhwalawo. Jakisoni akagwira, PCV imakwera m'masabata otsatira. Ikakwera n'kutsikanso, ndiye kuti mwina tizilombo sitinafe tonse, kapena ng'ombe yabwerera kudambo komwe kuli kashembe n'kulumidwanso.