Makina a gemu ochokera kunja: werengani kaye kumbuyo

Mlamu wanga wa kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, adalandira PlayStation 2 kuchokera kwa mbale wake wa ku America. Ndidamuletsa kuilumikiza tisanawerenge kumbuyo. Padalembedwa `120V 60Hz`, pamene magetsi a ESCOM ndi mavoti 230. Akadangoilowetsa pakhoma, bwenzi itapsa pomwepo.

Ambiri amapusitsidwa ndi adaputala. Kanthu kameneka kamangothandiza kuti pulagi ya mano awiri ilowe m'soketi yathu ya mabowo atatu, koma mphamvu ya magetsi sikaichepetsa ayi. Chofunika apa ndi thiransifoma yotsitsa mavoti. Mukaona `100-240V`, adaputala yokha ikukwanirani. Makina ochokera ku Joni nawonso savuta, poti mavoti akumeneko ndi ofanana ndi athu; yosiyana ndi pulagi ya mano obulungira basi.

Thiransifoma itapezeka, chithunzi chidabwera chopanda mtundu, chakuda ndi choyera. Makinawo sadawonongeke. Amatulutsa chithunzi cha `NTSC`, pamene wailesi yakanema yakale ya mlamuyo imamva `PAL` yokha. Titayesa pa kanema watsopano wa aneba, mitundu yonse idaoneka bwinobwino.